Kunsi kwa Nsapato Yampira: Masitadi Oyenera Fumbi ndi Oyenera Matope

Belo la nsapato likangotsegulidwa mumsika wa Limbe kapena pa Tsoka ku Lilongwe, anyamata ampira sachedwa kuunjikana. Maso awo amathamangira pa mtundu wa nsapato ndi pa chizindikiro cha kampani, kenako amakumbutsana katswiri wa ku Ulaya amene anavalapo zotere. Pakapezeka peya ya masitadi achitsulo onyezimira, yolira mokoma ikagunda pa simenti, mtengo umakwera pomwepo, ndipo wogulitsa amalumbira kuti imeneyo ndi orijino, yovala akatswiri enieni.

Nthawi zambiri wogulitsayo sanama. Nsapatoyo ndi yeniyeni ndithu. Vuto ndi lakuti inapangidwira kapinga wonyowa wa ku England m'mwezi wa Januwale, koma ikupita kukaseweredwa pa bwalo la sukulu ya pulaimale mu Okutobala, pamene katondo wauma gwa ndipo udzu watsala m'makona mokha. Mnyamata amene waigula akangosewera theka loyamba amayamba kutsimphina. Anzake amamuseka kuti sanazolowere jombo, ndipo iye amakhulupirira kuti phazi lidzazolowera. Koma phazi silizolowera, chifukwa cholakwika sichili m'phazimo.

Ntchito ya sitadi ndi imodzi: kulowa m'nthaka. Ikalowa, dothi limaizungulira mbali zonse, ndipo wosewera akakankha kuti athamange kapena aime, sitadiyo imatsamira dothilo. Nthawi yomweyo kunsi konse kwa nsapato kumakhala kutagona pansi, kotero kulemera kwa thupi kumagawika phazi lonse. Aliyense amene anagwirapo khasu amazidziwa izi: mvula ikagwa khasu limalowa mosavuta, koma m'chilimwe limangodumpha ndi kubweza ululu m'manja. Sitadi ikalephera kulowa, mphamvu imene ikanapita m'nthaka imabwerera m'phazi la mwini wake.

Apa ndi pamene pagona kusiyana konse kwa nsapato zampira. Nthaka yofewa imafuna masitadi aatali, ndiponso ochepa. Nthaka yolimba imafuna masitadi aafupi, ndiponso ambiri.

Chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akawerengera. Titenge wosewera wolemera makilogalamu 70. Akamathamanga, phazi limene lagunda pansi limasenza mphamvu yoposa kulemera kwake kawiri kapena katatu. Tingoti kawiri ndi theka, kutanthauza makilogalamu 175. Pothamanga mwaliwiro munthu saponda ndi chidendene koma ndi kutsogolo kwa phazi. Nsapato ya masitadi 6 ili ndi anayi okha kutsogoloko, awiri enawo ali kuchidendene. Choncho sitadi iliyonse ikusenza makilogalamu pafupifupi 44 pa kansonga kochepa ngati nsonga ya chala. M'matope zimenezi n'zabwino kwambiri, ndipo n'zimene opanga nsapatoyo ankafuna, chifukwa mphamvu yochuluka pa malo ochepa imaboola dothi lofewa la pamwamba mpaka kukafika pa dothi logwirana la pansi. Koma pa bwalo louma makilogalamu 44 aja amakankhira m'mwamba, pansi penipeni pa chala chachikulu ndi pa timafupa ta m'phazi.

Wosewera yemweyo atavala nsapato ya masitadi 12, asanu ndi atatu kutsogolo ndi anayi kumbuyo, sitadi iliyonse yakutsogolo imasenza makilogalamu pafupifupi 22, theka chabe. Atavala ya timabampu ta labala tambirimbiri, phazi limamva ngati laponda pansi posalala. Thupi ndi lomwelo, liwiro ndi lomwelo, koma madzulo wina amapita kwawo akuyenda bwinobwino pamene mnzake akunyamula nsapato m'manja.

Pali chinanso. Sitadi yachitsulo ya mamilimita 15 ikapanda kumira, wosewera amakhala ataimirira pa timiyendo 6 totalikirana, phazi lili m'malere. Akati apotoloke mwadzidzidzi, nsapato imapendekeka ndipo kakolo amabinya. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti nsapato yotereyi imatererekanso kwambiri pa nthaka youma kusiyana ndi ya labala. Chitsulo chosalala chikakumana ndi dothi lolimba lokutidwa ndi fumbi ndi timiyala sichipeza pogwira, chimangokwekwereza.

Zilembo za pa bokosi

Makampani amalemba mtundu wa nthaka pa bokosi, kapena pa kachikwangwani ka mkati mwa lilime la nsapato, ndi zilembo ziwiri. Pa kaunjika bokosi silipezeka, ndipo si nsapato zonse zimene zili ndi zilembozi mkati, koma munthu akatembenuza nsapato n'kuyang'ana kunsi amadziwa yekha.

Yolembedwa SG ndi ya nthaka yofewa. Mwamwambo imakhala ndi masitadi 6 omanga ndi kumasula ngati mabawuti, ambiri a aluminiyamu, otalika mamilimita 12 mpaka 18, ndipo a kuchidendene amatalikirapo kuposa a kutsogolo. Zamakono zambiri zimasakaniza: masitadi 6 achitsulo, ndi timasitadi tina ta pulasitiki pakati pawo. Mipata yaikulu ya pakati pa masitadiwo ili ndi ntchito yake. Matope akamata kunsi kwa nsapato n'kudzaza mipata yonse, masitadi amakwiririka ndipo nsapato imasanduka chibuma choterera. Masitadi ochepa otalikirana amapatsa matope njira yogwera okha.

Yolembedwa FG ndi imene yadzaza m'misika ndi pa wailesi yakanema. Masitadi ake ndi a pulasitiki, oumbidwira kumodzi ndi kunsi kwa nsapato, kawirikawiri 11 mpaka 13, aafupi pang'ono kuposa achitsulo. Pamenepa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka, chifukwa amamva kuti ndi nsapato ya nthaka yolimba. Koma kulimba kumene opanga ake amanena ndi kwa kapinga wosamalidwa, wothiriridwa madzi, amene sali matope koma sitadi ikhoza kulowabe. Pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, pamene pali udzu weniweni, FG ili kwawo. Pa bwalo la m'mudzi lopanda udzu mu Seputembala, FG ya masitadi aatali ndi osongoka imapweteka pafupifupi ngati yachitsulo.

Nsapato imene mabwalo ambiri a m'Malawi amafuna ndi yolembedwa HG, ndipo ndi imene sipezeka kawirikawiri. Masitadi ake ndi aafupi, onenepa, a nsonga zathyathyathya, opangidwa ndi labala kapena pulasitiki yosatha msanga, ndipo kunsi kwake n'kokhuthala kuti phazi lisamve sitadi iliyonse payokha. Ku Ulaya anthu saifuna kwambiri chifukwa mabwalo a dothi ndi ochepa, n'chifukwa chake simabwera yambiri m'mabelo ochokera kumeneko. Ku Japan nkhani ndi ina. Kumeneko ana asukulu ambiri amasewera pa mabwalo a dothi, ndipo makampani a Mizuno ndi Asics akhala akupanga nsapato zoterezi kwa zaka zambiri. Munthu akapeza peya ya makampani amenewa pa kaunjika, ya masitadi aafupi onenepa, wapeza chinthu chomuthandiza kuposa nsapato yonyezimira ya katswiri aliyense, ngakhale anzake sadzaichitira kaduka.

Pamene HG palibe, TF imagwira ntchitoyo bwino. Iyi ndi ija ya timabampu ta labala tambiri todzaza kunsi konse, yokhala ndi kachigawo kofewa pakati pa phazi ndi nthaka monga nsapato yothamangira. Osewera ena amaichitira manyazi, amati ndi yophunzitsira chabe, si yampikisano. Manyazi amenewa alibe maziko. Pa bwalo louma lafumbi timabampu timeneti timagwira malo ambiri nthawi imodzi, timalowa m'kafumbi ka pamwamba, ndipo phazi limakhala pafupi ndi nthaka kotero kakolo sapendekeka. Malamulo ampira saletsa nsapatoyi. Malire ake ndi amodzi, ndipo ndi aakulu: udzu ukanyowa ngakhale ndi mame okha, TF imaterereka koopsa.

Mwa nsapato za FG zomwe, zilipo zimene zimapirira nthaka youma kuposa zinzake. Chitsanzo chodziwika ndi Copa Mundial ya Adidas, imene inatuluka mu 1979 ndipo ikupangidwabe mpaka lero. Ili ndi masitadi 12 obulungira, aafupi ndithu, oyalidwa mofanana, ndipo chikopa chake n'chofewa. Inapangidwa poganizira mabwalo ouma, ndipo n'chifukwa chake osewera achikulire amene anaivalapo amaiyamikira mpaka pano. Mnzake wa m'matope, wa chikopa chofanana koma masitadi 6 achitsulo, amatchedwa World Cup. Kampani imodzi, maonekedwe a pamwamba pafupifupi amodzi, koma kunsi kosiyana kotheratu, chifukwa nthaka ndi yosiyana.

Tsiku limene mvula inagwa ku Bern

Kuti munthu asaganize kuti masitadi achitsulo ndi oipa mwa iwo okha, ndi bwino kukumbukira tsiku limene anatchuka. Pa 4 Julaye 1954, pa bwalo la Wankdorf mumzinda wa Bern ku Switzerland, West Germany inakumana ndi Hungary mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse. Hungary ya Ferenc Puskás inali isanagonjepo kuyambira 1950, ndipo milungu iwiri m'mbuyomo inali itakwapula Germany yomweyo 8 kwa 3. Patangotha mphindi 8 Hungary inali ikutsogola kale 2 kwa 0.

Koma mvula inali kugwa ndipo bwalo linkafewerafewera. Kaputeni wa Germany, Fritz Walter, anadwalapo malungo pa nthawi ya nkhondo ndipo kuyambira pamenepo sankasewera bwino kukatentha. Mvula inali nyengo yake. M'gulu la timuyo munalinso Adi Dassler, mwini wa Adidas, amene anawakonzera nsapato zopepuka za masitadi omasula, kotero kuti bwalo likafewa ankatha kuikamo aatali. Germany inabweza zigoli ziwirizo theka loyamba lisanathe, ndipo Helmut Rahn anamwetsa chachitatu kutatsala mphindi 6.

Sikungakhale kulondola kunena kuti nsapato zokha ndi zimene zinapambana. Puskás anasewera ali ndi kakolo wovulala, chigoli chake cha kumapeto anachikana kuti anali ofusayidi, ndipo goloboyi wa Germany anagwira mipira yambiri tsiku limenelo. Kampani ya Puma, ya mkulu wake wa Adi dzina lake Rudolf, imanenanso kuti inali itatulutsa kale masitadi omasula mu 1952. Komabe masewerawo anaphunzitsa dziko lonse kuti kutalika kwa sitadi kuyenera kutsatira nyengo ya tsikulo, ndipo kuyambira pamenepo osamalira zovala za matimu akuluakulu amayenda ndi sipanala ndi thumba la masitadi a misinkhu yosiyanasiyana.

Kwathu kuno nyengo yotere imabwera m'dzinja, ndipo si pa bwalo lililonse. Ligi yaikulu mwachizolowezi imaseweredwa makamaka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira cha mu Epulo mpaka Disembala, kotero matope enieni amakumana ndi osewera kumayambiriro ndi kumapeto kwa sizoni, komanso m'mabonanza a nthawi ya Khirisimasi. Pamenepa mtundu wa dothi umanena zambiri. Bwalo la m'dambo la dothi lakuda lamakande limafewa mozama ndipo limamata, kotero masitadi aatali otalikirana amathandizadi, makamaka kwa goloboyi ndi otchinga kumbuyo amene kuterereka kumodzi kumawadyetsa chigoli. Bwalo lamchenga la kunyanja limamwa madzi msanga ndipo silifuna chitsulo. Lovuta kwambiri ndi bwalo la katondo mvula yoyamba itangogwa. Pamwamba pokha ndi pamene pamaterera, koma pansi pake pamakhala pakadali pouma gwa. Sitadi yachitsulo imaboola kamatope kaja n'kugunda polimba, TF imangoyandama pamwamba, ndipo yothandiza pa tsiku lotere ndi FG ya masitadi obulungira a msinkhu wapakati.

Njira yodziwira ndi yosavuta, ndipo imatenga mphindi ziwiri masewera asanayambe. Wosewera avale nsapato, ayende pa malo atatu osiyana: pakhomo pa golo, pakati pa bwalo, ndi m'mbali mwa mzere, chifukwa bwalo limodzi limatha kukhala ndi nthaka zitatu. Aponde mwamphamvu, atukule phazi, ayang'ane. Ngati pansi patsala mabowo ozama molingana ndi masitadi ndipo kunsi kwa nsapato kwadindika pang'ono, nsapatoyo yagwirizana ndi bwalo. Ngati pangotsala timadontho tosaoneka bwino ndipo poyenda akumva kulira ngati ali pa khonde, masitadi atalika. Ngati akuthamanga n'kuima mwadzidzidzi phazi likupitirira kutsogolo n'kusiya mizere m'matope, masitadi afupika kapena adzaza dothi.

Kugwira kopitirira muyeso

Osewera ambiri amaopa kuterereka kokha. Madokotala amasewera amaopanso china: nsapato imene yagwira n'kukana kusiya.

Masitadi ali ndi maonekedwe awiri aakulu. Ena ndi obulungira, osongoka pang'ono kunsonga. Ena ndi aatali chopingasa ngati kampeni, kapena opindika ngati chilembo cha V, ndipo anafala kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Obulungira amalowa ndi kutuluka m'nthaka mosavuta, ndipo wosewera akapotoloka ataponda, phazi limatha kuzungulira pamodzi ndi thupi. Ampeni amagwira kwambiri pothamanga molunjika ndi poima mwadzidzidzi chifukwa mbali yawo yotakata imatsamira dothi lambiri. Koma kutakata komweko kumachititsa kuti phazi livutike kuzungulira.

Taganizani wosewera wakutsogolo amene waponda ndi phazi lamanja n'kupotolokera kumanzere kuti apsitse mdani. Thupi lonse lazungulira. Ngati nsapato izungulira nawo, kapena kang'ambe dothi pang'ono n'kumasuka, zonse zili bwino. Ngati yakodwa, kupotokako kumakathera pa kakolo kapena pa bondo, ndipo mkati mwa bondo muli mtsempha umene madokotala amaulemba kuti ACL. Ukaduka, wosewera wa timu yolemera amachitidwa opaleshoni ndipo amakhala kunja miyezi 9 kapena kuposerapo. Kwa mnyamata kapena mtsikana wa ligi ya m'boma, amene opaleshoni yotere sangaipeze mosavuta, kawirikawiri mpira umathera pomwepo. N'chifukwa chake kuterereka pang'ono nthawi zina kuli bwino kusiyana ndi kugwira kwambiri.

Mkangano wa masitadi ampeni unafika pachimake ku England mu 2005, pamene Roy Keane anathyoka fupa la phazi pa masewera a Manchester United ndi Liverpool, ndipo Alex Ferguson anadzudzula masitadi amenewa poyera. Makampani anakana kuti ndi oopsa, ndipo mpaka lero akugulitsidwa movomerezeka. Komabe n'zoonekeratu kuti nsapato zambiri zamakono zinabwerera ku masitadi obulungira kapena osakaniza, makamaka pansi pa chala chachikulu pamene munthu amazungulirira.

Nkhaniyi imakula kwambiri pa kapeti. Kamuzu Stadium ku Blantyre, kumene Bullets ndi Wanderers akhala akukumana kwa zaka zambiri, ili ndi udzu wopanga, monganso bwalo la bungwe la FAM ku Chiwembe. Udzu weniweni uli ndi khalidwe limodzi lopulumutsa miyendo: mphamvu ikachuluka umazuka, dothi n'kuuluka, phazi n'kumasuka. Kapeti sazuka. Ulusi wake unasokedwera pa chinsalu cholimba, ndipo sitadi yampeni ikalowa pakati pa ulusiwo ndi tizidutswa ta labala timene amathiramo, imakhala momwemo mpaka china chigonje. Nsapato yopangidwira pamenepa imalembedwa AG. Masitadi ake ndi ambiri, aafupi, obulungira, ndipo ena ndi obooka pakati. Yolembedwa MG, kapena FG/AG, imayesa kutumikira kapinga ndi kapeti nthawi imodzi, ndipo kwa munthu amene angakwanitse peya imodzi yokha imeneyi ndi yanzeru. Masitadi achitsulo pa kapeti ndiwo oipitsitsa, chifukwa amaika bondo pa ngozi ndipo amawononganso kapetiyo.

Kapeti amatenthanso kwambiri masana a Okutobala, ndipo amadya masitadi a pulasitiki msanga. Kutenthako kumafooketsa guluu, n'chifukwa chake nsapato zambiri zoseweredwa pamenepa zimayamba kuyasama kutsogolo.

Thupi limanena msanga ngati nsapato ndi nthaka sizikugwirizana, kungoti anthu salimvetsera. Chizindikiro choyamba ndi ululu wobulungira pa malo amodzi pansi pa phazi, ndipo munthu akatulutsa chopondera cha mkati amapeza kuti chadindika ndendende pamene pali sitadi. Matuza pansi pa chala chachikulu amatsatira. Kenako kumabwera kupweteka kwa chidendene m'mawa podzuka, ndi kuwawa kwa msongolo kumene kumayamba pothamanga. Zimenezi zimatha munthu akasintha nsapato ndi kupumako. Koma ululu wa pamwamba pa phazi kapena m'mbali mwake, wa malo amodzi oti munthu akhoza kuloza ndi chala, wotupa pang'ono ndipo wosatha ngakhale atapuma, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa umene umabwera pang'onopang'ono chifukwa chogunda polimba tsiku ndi tsiku. Umenewo ndi wopita nawo kuchipatala, osati wothira mankhwala otikita n'kupitiriza kusewera.

Ana ndi amene amavutika mwakachetechete. Pakati pa zaka 8 ndi 14 fupa la chidendene limakhala likukulabe, ndipo kugunda pa nthaka yolimba ndi masitadi kumalitupitsa mosavuta. Kholo limene lasunga ndalama kuti ligulire mwana nsapato yoyamba lingachite bwino kugula TF, ngakhale mwanayo alirire ya masitadi enieni. Mwana wolemera makilogalamu 30 alibe mphamvu yolowetsera masitadi aatali ngakhale pa kapinga wabwino.

Tsopano tione munthu weniweni wa m'madera mwathu: mphunzitsi wachinyamata amene amasewera kumbuyo m'timu ya pa tauni yaing'ono. Masiku anayi pa mlungu timu imaphunzira pa bwalo la sukulu la katondo. Loweruka amasewera ligi pa mabwalo ofanana nalo, ndipo kamodzikamodzi akapita patali m'chikho amakafika pa sitediyamu ya kapinga kapena kapeti. Ali ndi ndalama ya peya imodzi. Pa masewera khumi alionse, asanu ndi atatu kapena kuposa amakhala pa nthaka youma, ndiye nsapato yake iyenera kutsatira imeneyo. Atapeza HG kapena MG, atenge osaganiza kawiri. Atasowa, afunefune FG ya masitadi obulungira osachepera 12, aafupi, ndipo aikemo chopondera chokhuthala. Ndalama ikadzapezeka ya peya yachiwiri, igule TF yophunzirira, chifukwa kuphunzira ndi kumene kumadya miyendo ndi nsapato kuposa masewera a Loweruka. Yachitsulo ibwere pomalizira penipeni, ndipo ituluke m'chikwama pa masiku a matope okha.

Pogula pa kaunjika, kutembenuza nsapato ndi chiyambi chabe. Aiike pa thabwa losalala n'kuona ngati masitadi onse akukhudza pansi. Ngati a mbali imodzi anadyeka kwambiri, nsapatoyo idzapendeketsa phazi monga inkachitira kwa mwini wake woyamba. Aipinde ndi manja: iyenera kupindika kutsogolo pamene zala zimapindikira, osati pakati, ndipo popinda pasaoneke ming'alu yoyera m'pulasitiki mozungulira masitadi. Pulasitiki yokalamba imauma ndipo imathyoka pa masewera oyamba, ngakhale pamwamba pakuoneka ngati patsopano. Alowetse dzanja mkati, atulutse chopondera, apapase ngati pali sitadi imene yayamba kutulukira mkati. Kuyasama kwa kutsogolo si vuto lalikulu, chifukwa wosoka nsapato wa pamsika amamata ndi kusoka bwinobwino. Koma sitadi youmbidwira ikathyoka palibe angaibwezeretse moti n'kukhalitsa, ndipo kukhomamo msomali kapena bawuti, monga ena amachitira, ndi kuika miyendo ya anzako pa ngozi.

Amene ali kale ndi ya masitadi omasula ali ndi ntchito yoisamalira. Akatha kusewera m'matope atsuke, amasule masitadi, apake timafuta pang'ono m'mazinga kuti dzimbiri lisagwire, ndipo aumitse nsapato pamthunzi ataikamo nyuzipepala, osati padzuwa kapena pambaula pamene chikopa chimauma n'kung'aluka. Pomanga asalimbitse mopitirira, chifukwa kachitsulo kolandira sitadi kakayamba kuzungulira kokha mkati, nsapatoyo yatha. Asayende nayo pa tala kapena pa simenti kuchokera kunyumba kupita kubwalo. Aluminiyamu ikakhulika pa mwala imachita m'mphepete mwakuthwa mmene mumatha kung'amba mwendo wa munthu.

Kuthwa kumeneku ndi kumene woimbira amafufuza akamapapasa kunsi kwa nsapato za osewera asanalowe m'bwalo. Lamulo lachinayi la mpira silitchula nambala ya masitadi kapena kutalika kwake, limangoletsa chilichonse choopsa kwa wosewera mwini kapena kwa mnzake, ndipo chiweruzo chili m'manja mwa woimbirayo. Nkhawa imeneyi ndi yakale ngati mpira womwe. Malamulo oyamba a bungwe la mpira ku England mu 1863 analetsa misomali yotulukira kunja ndi zitsulo kunsi kwa nsapato, ndipo masitadi anadzaloledwa mu 1891, achikopa, osapitirira theka la inchi, pafupifupi mamilimita 13. M'mipikisano ya m'midzi, kumene wina amalowa ndi chitsulo pamene mnzake ali ndi nsapato ya nsalu kapena alibiretu nsapato, kupapasa kumeneku n'kofunika kuposa pa sitediyamu, ndipo woimbira ali ndi mphamvu yonse yobweza wosewera kuti akasinthe masewera asanayambe.